Mathero a esei: mmene mungamangire mfundo zanu pamodzi, osabwereza chiyambi, osalowetsa umboni watsopano

Abale anga amene mukuphunzira kuno ku Joni, kaya ndinu a UNISA amene mumalemba asayimenti usiku mutaweruka ku ntchito, kaya muli pa Wits kapena UJ, kaya ndinu makolo amene mwana wanu akukonzekera matiriki, funso la mathero a esei landipeza kambirimbiri ndipo nthawi zonse limabwera mofanana. Munthu amatumiza pepala, lekichala walemba chofiira pandime yomaliza kuti mwangobwereza zomwe munanena kale, kapena kuti mfundo iyi yachokera kuti, nde munthu uja amafunsa kuti nanga ngati sindikuloledwa kubwereza komanso sindikuloledwa kuwonjezera, chotsala choti ndilembe ndi chani? Funso labwino kwambiri, ndipo yankho lake lilipo. Ndalemba pano kamodzi kuti aliyense azingowerenga.

Tigwirizane kaye mawu. Esei ndi chimangirizo chija tinkalemba ku sekondale kumudzi, chokhala ndi chiyambi, thunthu ndi mathero. Mathero ndi amene kuno mumamva akuti konkulushoni. Thesisi, pano sindikunena buku lalikulu la digiri, ndikunena chiganizo chimodzi cha m'chiyambi chimene chimanena mbali imene mwaima pa funso. Umboni ndi chilichonse chimene mumatsimikizira nacho mfundo, monga chaka, nambala, dzina la wolemba buku, chitsanzo cha chinthu chinachitika.

Ganizirani amfumu pabwalo la milandu. Wodandaula wanena dandaulo lake, mboni zalankhula imodzi imodzi, nde yafika nthawi yogamula. Amfumu sabwerezanso dandaulo lija ngati kuti palibe chamveka tsiku lonse, ndipo saitana mboni ina imene anthu sanaimve n'kuifunsa mafunso. Amatenga zimene mboni zanena, n'kuona kuti iyi ikugwirizana ndi iyo pati, ikutsutsana ndi inayo pati, kenako n'kunena chigamulo. Ntchito ya mathero ndi imeneyo.

Kuti zimveke tiyenda ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Ndichilemba m'Chichewa, inu mukachita zomwezo m'Chingerezi. Tinene kuti mwapatsidwa funso la histore lakuti: kodi ntchito ya m'migodi ya kuno ku Joni, ija ya Wenela imene kenako tinkaitchula kuti Theba, inapindulitsa Malawi? Esei yake ndi ya mawu 2000. M'chiyambi munalemba thesisi yakuti ntchitoyi inabweretsa phindu komanso mavuto, koma mavuto ndi amene anachuluka. M'thunthu muli zigawo zitatu. Choyamba chikukamba za ndalama: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 a Malawi oposa 100,000 anali m'migodi, gawo la malipiro awo linkasungidwa kuti akalandirire kumudzi, anthu ankabwerera ndi njinga, wailesi, ndalama za malata, ndipo boma linkapezapo ndalama zakunja. Chachiwiri chikukamba za mtengo wake: minda inatsalira amayi, ena sanabwerere n'kukhala matchona, ndiye kuti anthu amene anapita osadzabweranso kwawo, ena anabwerera ndi chifuwa chachikulu ndi matenda a fumbi la mumgodi amene amaonekera patapita zaka. Chachitatu chikukamba za mmene ntchitoyi inkaimira: mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha anthu oposa 70, Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito ya m'migodi, zinayambiranso mu 1977 ndi anthu ochepa, kenako mu 1988 zinaimanso pa mkangano wa kuyeza HIV. Thunthu lathera pamenepo. Tsopano mathero.

1. Bisani chiyambi, bwererani ku funso.

Ambiri akafika pa mathero amakwera pamwamba pa pepala, kuwerenga chiyambi, n'kuyamba kusintha mawu amodzi amodzi. Mathero obwereza amabadwa pamenepo. Musachiyang'ane chiyambi panopa. Koperani funso la asayimenti, mmene linalembedwera ndendende, muliike pamwamba pa tsamba lopanda kanthu. Mukuyankha funsolo, simukuyankha chiyambi chanu.

2. Pa chigawo chilichonse cha thunthu lembani mzere umodzi wa chimene chatsimikizika.

Apa samalani, pali kusiyana pakati pa mutu wa ndime ndi chimene ndimeyo yatsimikiza. Mukalemba kuti chigawo choyamba chinakamba za ndalama, mwalemba mutu basi, ndipo mutu sungamangidwe ndi mutu unzake. Dzifunseni kuti munthu akamaliza kuwerenga chigawo ichi akuyenera kuvomereza chani? Mu chitsanzo chathu zituluka chonchi:

Woyamba: phindu linalipo ndithu, linkafika msanga ndipo linkaoneka ndi maso.
Wachiwiri: mavuto ankabwera mochedwa, ndipo ambiri ankagwera anthu amene sanalandire malipirowo m'manja, kapena mwiniwake atasiya kale ntchito.
Wachitatu: ntchitoyo inkatsekulidwa ndi kutsekedwa ndi maboma ndi eni migodi, wogwira ntchito analibe mawu.

Mizere imeneyi simuika mu esei mmene ilili, ndi zipangizo chabe. Ngati pali ndime imene mukulephera kuilembera mzere wotere, vuto silili pa mathero, ndimeyo ilibe mfundo, kaikonzeni kaye.

3. Pezani ubale wa mizereyo.

Sitepe iyi ndi imene mabuku ambiri amangodumpha, amangoti mangani mfundo pamodzi osanena kuti mumanga bwanji, nde tikhalapo nthawi. Chimene anthu ambiri amachita ndi kutenga mizere itatu ija n'kuilumikiza ndi komanso. Panali phindu la ndalama, komanso panali mavuto m'midzi, komanso ntchitoyo inaima mu 1974 ndi 1988. Zonse ndi zoona koma umenewo ndi mndandanda, owerenga anaziona kale zitatu zonsezi payokha payokha ndipo simunawapatse kanthu kena.

Lamulo limene ndimapatsa aliyense ndi ili: pa sitepe iyi mawu akuti komanso, ndiponso, chinanso ndi oletsedwa. Mukuloledwa kulumikiza mizere yanu ndi mawu okhawo amene amakakamiza ubale, monga chifukwa, choncho, koma, ngakhale, pokhapokha, n'chifukwa chake. Mawu amenewa sangalowe pakati pa ziganizo ziwiri musanaganize, ndipo kuganiza kumeneko ndi kumene lekichala akukufuna.

Tengani mizere iwiri iwiri, osati itatu nthawi imodzi. Woyamba ndi wachiwiri: kodi akungotsutsana, kuti uku phindu uku vuto? Yang'anitsitsani. Phindu linkabwera msanga, vuto mochedwa. Phindu linkaoneka, njinga aliyense m'mudzi ankaiona, koma fumbi la m'mapapo palibe ankaliona. Ndiye ubale wake si wakuti phindu ndi vuto zinalipo zonse, ubale wake ndi wakuti zinkafika nthawi zosiyana kwa anthu osiyana, n'chifukwa chake anyamata ankapitabe ngakhale mtengo wake unali waukulu. Mwaona? Chiganizo chimenechi sichili m'chigawo choyamba, sichili m'chachiwiri, chikuoneka pokhapokha ziwirizo zikaikidwa pamodzi. Komabe mulibe chaka chatsopano, mulibe nambala yatsopano, mulibe buku latsopano.

Kenako woyamba ndi wachitatu. Ndalama zinalipo, koma khomo lake linkatsekedwa ndi anthu ena nthawi ina iliyonse. Choncho banja kapena dziko silikanatha kumangapo mapulani a nthawi yaitali. Apa mzere wachitatu ukuika malire pa woyamba, ukutiuza kuti phindu lija linali la mtundu wanji. Wachiwiri ndi wachitatu nawonso ali ndi ubale wawo: ntchito inaima, malipiro anaima tsiku lomwelo, koma matenda sanaime.

Maubale amene mungapeze nthawi zambiri ndi ochepa. Pena mfundo ina imayambitsa inzake. Pena ina imaika malire pa inzake, kuti izi ndi zoona koma kwa anthu awa okha kapena pa nthawi iyi yokha. Pena zimakokana, nde mukuyenera kunena imene yalemera ndi chifukwa chake. Pena zonse zimachokera pa muzu umodzi umene simunautchule. Yesani ubale uliwonse pa mizere yanu, umodzi ukwana.

Mukaganiza kuti mwapeza, yesani chonchi: sinthanitsani malo a ziganizo zanu, chomaliza chipite poyamba. Ngati ndimeyo ikumvekabe bwinobwino chimodzimodzi, ndiye kuti mukadali ndi mndandanda, ziganizo sizikudalirana. Zikamangidwa zenizeni, mukasuntha chimodzi ndime imasokonekera chifukwa choncho uja alibenso pochokera.

Zimachitikanso kuti mwayesa zonse ndipo mfundo imodzi ikukana kulumikizana ndi zinzake. Musaikakamize ndi mawu okoma. Nthawi zambiri ndi ndime ija munailemba chifukwa munapeza buku labwino ndipo munamva chisoni kulisiya. Ngati siikuthandiza kuyankha funso, ichotseni m'thunthu, kapena pezani chimene ikugwira n'kuchilemba momveka komweko.

4. Lembani yankho lanu m'chiganizo chimodzi, ndipo likhale lakuthwa kuposa thesisi.

Anthu ambiri anauzidwa kuti mathero amayamba ndi kubwereza thesisi m'mawu ena. Malangizo amenewo ndi amene amasocheretsa, chifukwa munthu amangosaka mawu ofanana tanthauzo, mavuto asanduka zovuta, phindu lasanduka ubwino, basi. Inde mukuyenera kubwerera ku mbali imene munaima, koma mubwerere mutanyamula zimene thunthu lakupatsani. Thesisi inati mavuto anachuluka kuposa phindu. Yankho la m'mathero linene kuti anachuluka motani, kwa ndani, chifukwa chani. Mwachitsanzo: ntchito ya m'migodi inapindulitsa mabanja ndi boma pa nthawi yochepa, koma siinamange chuma chokhalitsa chifukwa malipiro ankatha ntchito ikaima pamene mavuto ake ankapitirira. Chiganizo ichi simukanachilemba m'chiyambi n'kumveka, chifukwa owerenga anali asanaone umboni wake.

5. Tsopano lembani ndime yonse.

Yambani ndi yankho lija, kenako maubale amene munapeza, kenako chiganizo chimodzi kapena ziwiri zonena tanthauzo la zimenezi pa funso lonse. Nayi ya chitsanzo chathu:

Ntchito ya m'migodi inapindulitsa mabanja ndi boma la Malawi pa nthawi yochepa, koma siinamange chuma chokhalitsa. Chifukwa chachikulu ndi chakuti phindu ndi mavuto sizinkafika nthawi imodzi kapena kwa munthu mmodzi. Malipiro ankafika msanga ndipo ankaoneka, pamene ntchito ya kumunda inkatsalira amayi ndipo matenda ankatulukira mwamuna atasiya kale ntchito. N'chifukwa chake anthu ankapitabe mwaunyinji, ndipo kuchuluka kwawo sikungatengedwe ngati umboni wakuti ntchitoyo inali yabwino ku dziko. Ngakhale phindu lochepalo linali losadalirika, popeza khomo la ku migodi linkatsekedwa ndi maboma ndi eni migodi, monga zinachitikira mu 1974 ndi 1988, ndipo likatsekedwa malipiro ankaima koma odwala ankadwalabe. Choncho yankho likudalira nthawi imene tikuyezera. Tikayeza pa kontirakiti imodzi phindu likuoneka, koma tikayeza pa moyo wonse wa wogwira ntchito ndi banja lake, Malawi anapereka zambiri kuposa zimene analandira.

Onani kuti 1974 ndi 1988 zatchulidwa koma sizinafotokozedwenso. Sindinanenenso za ndege, za Francistown, za kuyeza magazi. Kuloza umboni umene munapereka kale n'kololedwa, kuufotokozanso kuyambira pachiyambi ndi kumene kumadya malo pachabe.

Za kutalika, ambiri amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a esei yonse, nde pa mawu 2000 mathero akhale a mawu 150 mpaka 200. Ngati pepala la malangizo a kosi yanu lanena zina, tsatirani limenelo.

6. Sakani umboni watsopano ndi cholembera m'manja.

Dulani mzere pansi pa chaka chilichonse, nambala iliyonse, dzina lililonse, ndi refarensi iliyonse imene ili m'mathero. Chilichonse chimene mwachidula mzere chikuyenera kupezeka m'thunthu. Ngati mukulemba pa kompyuta dinani Ctrl+F mulembe chakacho kapena dzinalo, likangopezeka pamalo amodzi okha, m'mathero, ndiye kuti ndi latsopano.

Mmene zimachitikira nthawi zambiri ndi chonchi. Mwatsala pang'ono kutumiza, nde mwawerenga penapake kuti mu 2019 khoti kuno ku Joni linavomereza mgwirizano wa chipepeso cha R5 biliyoni kwa ogwira ntchito m'migodi ya golide amene anadwala silikosisi, matenda a fumbi la mumgodi aja, ndi chifuwa chachikulu, ndipo ndalamazo zimayendetsedwa ndi Tshiamiso Trust. Nkhani yamphamvu, yoona, ndipo ikugwirizana ndi mfundo yanu, nde mtima umafuna kuti ikhale yotsekera. Musatero. M'mathero mulibe malo oti muifotokoze, muike refarensi, muonetse kuti ikukhudza a Malawi motani, choncho imangokhala yolendewera ndipo owerenga amatsala ndi mafunso pamene amayenera kutsala ndi yankho. Njira ndi ziwiri basi. Ngati ili yofunika, ipititseni ku chigawo chachiwiri chija cha matenda, muipatse ziganizo zake ndi refarensi yake, kenako m'mathero mungoiloza ndi mawu ochepa. Ngati mawu akwana kale, isiyeni.

Ena amafunsa kuti nanga chiganizo chija chakuti yankho likudalira nthawi imene tikuyezera si chatsopano? Ndi chatsopano ngati ganizo, inde, ndipo chikuyenera kutero. Kusiyanitsa kwake ndi uku: ngati owerenga angafunse kuti mwazitenga kuti, ndipo yankho ndi buku kapena webusaiti, umenewo ndi umboni watsopano. Ngati yankho ndi lakuti werengani chigawo choyamba ndi chachiwiri pamodzi muona nokha, limenelo ndi ganizo lochokera mu esei yanu ndipo malo ake ndi m'mathero. Samalaninso ndi mfundo yatsopano yopanda nambala, monga kungoti a Malawi a masiku ano ogwira ntchito m'magadeni ndi m'mashopu akukumana ndi zomwezo. Mwina n'zoona, ifeyo timaziona, koma esei yanu siinakambe za iwo ndipo simunazitsimikize.

7. Pano tsegulani chiyambi, muchiike pambali pa mathero.

Werengani ziwirizo motsatizana mokweza mawu. Ngati pali chiganizo cha m'mathero chimene mungachinyamule n'kuchiika m'chiyambi osasintha kanthu, chimenecho chikubwereza, chichotseni kapena chiwonjezereni chifukwa chake. Chizindikiro china ndi ziganizo zoyamba ndi esei iyi yakamba za, kenako yaona za, pomaliza yafotokoza za. Amenewo ndi mapu a m'chiyambi aja mwangowasandutsa nthawi yakale, ndipo sakunena chimene mwapeza.

Pena mupeza zosiyana ndi zimenezi, mathero akunena zina chiyambi chikunena zina. Munayamba mukuti mavuto anachuluka basi, mwamaliza mukuti zikudalira nthawi yoyezera. Musaope ndipo musapinde mathero kuti afanane ndi chiyambi. Polemba thunthu mwaphunzira kanthu, mathero ndi amene ali ndi maganizo anu enieni, nde bwererani mukakonze thesisi kuti iloze kumene esei yafikadi. Ndi ntchito ya mphindi zochepa koma imasintha pepala lonse, chifukwa woika malikisi amayang'ana ngati chimene munalonjeza ndi chimene mwapereka.

8. Chiganizo chomaliza.

Apa ndi pamene ambiri amathawira ku ulaliki: boma lichitepo kanthu, tiyeni tigwirane manja, achinyamata ndi atsogoleri a mawa. Ziganizo zotere zikhoza kutseka esei ina iliyonse, ndipo n'chifukwa chake sizithandiza yanu. Musatsekenso ndi mawu a munthu wotchuka, kapena ndi kupepesa kuti awa ndi maganizo anga chabe. Malingaliro a zoyenera kuchita ali ndi malo ake mu lipoti, monga malipoti a bizinesi kapena a unesi, ndipo kumeneko kawirikawiri amakhala ndi kamutu kawokawo pambuyo pa mathero. Mu esei alembeni pokhapokha funso lawapempha, ndipo lililonse lichokere pa chimene mwatsimikiza m'thunthu.

Kwa amene mukulemba mayeso m'holo, kumene kulibe Ctrl+F ndipo nthawi ikuthamanga, dongosolo ndi lomweli koma lofupika. Siyani mphindi zisanu zomaliza, yang'anani funso, yang'anani chiganizo choyamba cha ndime iliyonse, kenako lembani ziganizo zitatu kapena zinayi: yankho, ubale umodzi wokhala ndi chifukwa kapena koma mkati mwake, ndi tanthauzo lake pa funso. Mukakumbukira mfundo yabwino pa nthawi imeneyo, musaiponye m'mathero, ikani kanyenyezi pa ndime ya m'thunthu imene ikuyenera kulowa, muilembe pansi pa tsamba ndi kanyenyezi komweko kuti woika malikisi aone malo ake.